Paketi Imodzi, Lita Imodzi: Thanzi ORS ndi Malire Ake

"Ndamumwetsa Thanzi kuyambira m'mawa koma m'mimba simukuleka." Alangizi a zaumoyo m'midzi ndi anamwino a kusikelo ya ana amamva dandaulo lotereli kawirikawiri, ndipo amene akudandaulayo sakunama. Mwana amakhala wamwadi, ndipo akupitirizadi kutsegula. Vuto ndi lakuti kholo limayembekezera kuti Thanzi ORS agwira ntchito imene si yake. Iye si mankhwala oletsa kutsegula m'mimba. Ntchito yake ndi kubwezera m'thupi madzi ndi mchere zimene zikutayika, kuti mwana akhalebe moyo pamene thupi lake likulimbana ndi matendawo, amene nthawi zambiri amatha okha pakapita masiku angapo.

Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa chimene chimapha mwana wotsegula m'mimba kawirikawiri si tizilombo tokha, koma kutha kwa madzi m'thupi. Mwana wa chaka ndi theka amalemera pafupifupi makilogalamu 10. Akataya theka la lita, ludzu limamugwira, maso amayamba kulowa m'kati ndipo amalilira chilichonse. Akataya lita yathunthu, moyo wake uli pachiswe. Munthu wamkulu atataya lita imodzi angangomva ludzu n'kupitiriza kulima, koma kwa kamwana lita imeneyo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lonse, ndipo ikhoza kutayika usiku umodzi ngati kutsegulako kwabwera ndi kusanza.

Funso limene anthu ambiri amafunsa ndi lakuti, ngati vuto ndi madzi, bwanji osangomumwetsa madzi a pamjigo? Yankho lili m'matumbo. Chimbudzi chamadzimadzi sichituluka ndi madzi okha, chimatenganso mchere wa m'thupi, makamaka sodiyamu ndi potaziyamu. Ndipo matumbo amayamwa madzi mwamsanga pokhapokha ngati mchere ukulowa nawo, popeza madzi amatsatira mchere. M'khoma la matumbo muli tizitseko timene timatseguka pokhapokha mchere ndi shuga zikafika pamodzi; chimodzi chikabwera chokha, chitseko sichitseguka. Chimene akatswiri anapeza m'zaka za m'ma 1960 n'chakuti tizitseko timeneti timapitiriza kugwira ntchito ngakhale matumbo atagwidwa ndi kolera. Choncho shuga wa m'paketi ya Thanzi sanaikidwemo kuti madziwo azitsekemera. Ali mmenemo kuti aperekeze mchere, ndipo mcherewo ukoke madzi.

Nzeru imeneyi inayesedwa pabwalo mu 1971, pa nkhondo imene inabala dziko la Bangladesh. Anthu mamiliyoni anathawira ku India, ndipo kolera inabuka m'misasa. Pamsasa wa ku Bangaon, dokotala wina dzina lake Dilip Mahalanabis anaona kuti madiripi atha pamene odwala ali mbwee pansi. Anasungunula mchere ndi shuga m'migolo, n'kuuza achibale a odwalawo kuti azimwetsa anthu awo ndi makapu. M'misasa mmene anthu pafupifupi 30 pa 100 aliwonse ogwidwa ndi kolera ankamwalira, pakati pa odwala ake chiwerengerocho chinatsika kufika pochepera 4 pa 100. Amene ankamwetsa sanali madokotala. Anali amayi, alongo ndi ana a odwalawo.

Paketi ya masiku ano inakonzedwanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene mabungwe a WHO ndi UNICEF anachepetsa mchere ndi shuga ataona kuti ana omwa madzi osungunuka bwinowo amasanza mochepa, ndipo ochepa okha ndi amene amafika pofuna diripi. Mu ufa wolemera magalamu 20.5 muli shuga wa gulukosi magalamu 13.5, mchere wamba magalamu 2.6, mchere wa potaziyamu magalamu 1.5 ndi sitireti magalamu 2.9, amene amachepetsa asidi wochuluka m'magazi a mwana wotha madzi. Manambalawa kholo silifunika kuwaloweza. Chofunika kudziwa n'chakuti onsewa anawerengeredwa pa lita imodzi ya madzi, ndipo muyezo wa madzi ukasintha, mankhwalawo asinthanso.

Apa ndiye pamene zinthu zimalakwika kwambiri, chifukwa m'nyumba zambiri mulibe jagi yolembedwa miyezo. Njira yosavuta ndi botolo la madzi ogula la mamililita 500: kulidzaza kawiri ndiye lita. Botolo lagalasi la Fanta kapena Kokakola ndi la mamililita 300, choncho atatu sakwana lita, pamafunika kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo lachinayi. Botolo la Sobo la malita awiri likadzazidwa theka limaperekanso lita. Kapu si muyezo wodalirika popeza makapu amasiyana kukula kwake nyumba ndi nyumba. Ndi bwinonso kuwerenga zolembedwa papaketi, chifukwa m'mafamase ena mumapezeka mapaketi ang'onoang'ono ochokera kunja oyenera madzi ochepa kuposa lita.

Wosungunula asambe m'manja ndi sopo, atsuke chiwiya ndi supuni, ndipo madziwo akhale owiritsa n'kuzizira kapena othira kolorini monga Wotagadi. Athire ufa wonse wa m'paketi, atakase mpaka usungunuke, avundikire. Akasakaniza sawiritsanso, sawonjezera shuga, sathiramo Sobo kapena mkaka. Madziwo amagwira ntchito maola 24 okha. Otsala amatayidwa n'kusungunula paketi ina, chifukwa madzi a shuga okhala panja nthawi yaitali amaswanitsa tizilombo.

Kutaya kumeneku n'kumene kumapweteka mtima, ndipo n'kumene kumabala chizolowezi choopsa. Mayi amaona kuti kamwana kake sikangamalize lita, ndiye amatsina ufa pang'ono n'kuthira m'kapu, wotsala n'kusunga. Kusunga n'kwanzeru pa zinthu zina, koma pano palibe amene angayeze ndi maso kuti ufa wa kapu imodzi ndi wochuluka bwanji. Ena amathira paketi yonse m'botolo limodzi la mamililita 500 poganiza kuti mankhwala akakhala okhathamira amagwira msanga. Zikatero mchere umachuluka kawiri kuposa muyezo wake. Madzi otere amakoka madzi a m'thupi kulowa m'matumbo, kutsegula kumawonjezeka, ndipo mchere wa m'magazi ukakwera kwambiri mwana akhoza kuyamba kukomoka ngati wa khunyu. Madzi akachuluka kuposa lita, mankhwalawo amangochepa mphamvu. Pa zolakwa ziwirizi, choopsa kwambiri ndi kuchepetsa madzi.

Paketi ikasowa, usiku kapena kutali ndi chipatala, pali njira yapakhomo: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni a tiyi 6 a shuga, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Masupuniwo akhale osefukula ndi mpeni kapena chala, osati a mulu. Supuni yake ndi yaing'ono yotakasira tiyi. Yaikulu yodyera phala imatenga katatu, ndipo kusokoneza ziwirizi kwavulaza ana. Wosungunula alawe kaye: mchere wake usapose wa misozi. Ngati wapitirira, ataye ayambirenso. Madzi apakhomowa ndi ongogwirizira, chifukwa alibe potaziyamu ndi sitireti, choncho paketi ikapezeka ndi imene iyenera kulowa m'malo. Nthochi yakupsa yophwanya imathandiza kubwezera potaziyamu. Phala lamadzimadzi lothira mchere pang'ono, madzi ophikira mpunga ndi msuzi wosachuluka mchere zimathandizanso.

Zimene sizithandiza ndi zakumwa zotsekemera zam'mabotolo. Achibale okazonda mwana amabwera ndi Fanta kapena juwisi chifukwa cha chikondi, koma zambiri mwa zakumwa zimenezi zili ndi shuga pafupifupi magalamu 100 pa lita, pamene Thanzi ali ndi 13.5, ndipo mchere mulibemo wokwanira. Shuga wochuluka chotero amatsalira m'matumbo n'kukoka madzi, mwana n'kutsegula kwambiri.

Kusungunula n'kosavuta poyerekeza ndi kumwetsa. Mwana amene sanayambe kuonetsa zizindikiro za kutha madzi, amene akusewera, akumwa bwinobwino ndipo maso ake ali mwakale, amasamalidwa pakhomo. Wosakwana zaka ziwiri amapatsidwa mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, kutanthauza masupuni a tiyi 10 mpaka 20. Wa zaka ziwiri kapena kuposa amapatsidwa mamililita 100 mpaka 200. Akafuna ena, apatsidwe. Amene akuyamwa aziyamwa pafupipafupi kuposa masiku onse, ndipo chakudya chisaleke: phala lothira nsinjiro, nsima yofewa, dzira, pang'onopang'ono koma kangapo patsiku. Maganizo akuti m'mimba mupume ndi amene amasandutsa kutsegula kwa masiku atatu kukhala kunyentchera kwa miyezi itatu. Akachira, mwana azipatsidwa chakudya chowonjezera kamodzi patsiku kwa milungu iwiri.

Nkhani imasintha mwana akayamba kutha madzi. Mwachitsanzo, mtsikana wa miyezi 18 wolemera makilogalamu 10 watsegula kuyambira dzulo madzulo, ndipo wasanza kawiri. M'mawa mayi ake afika naye pachipatala chaching'ono. Wachipatala amayang'ana zinthu zinayi. Kodi mwanayo ali bwanji, watcheru, wovutavuta kapena wolefuka? Kodi maso alowa? Apa amafunsa mayi, popeza mwini mwana ndiye amadziwa mmene maso ake amakhalira masiku onse. Kenako amamupatsa kapu kuti aone kamwedwe kake. Pomaliza amatsina khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, n'kulisiya. Mtsikanayu akulira mosatonthozeka, maso alowa, kapu wailanda n'kumwa mwaphuma, ndipo khungu labwerera mochedwerako koma osapitirira masekondi awiri. Zizindikiro ziwiri zokha mwa zimenezi zikanakwana kunena kuti madzi achepa, koma sanafike poipitsitsa.

Mwana wotere amafunika mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse m'maola anayi. Kwa mtsikanayu ndi mamililita 750, botolo limodzi ndi theka la madzi ogula aja. Pa masupuni a tiyi, amenewa ndi masupuni 150 pa mphindi 240, kapena kuti supuni imodzi pa mphindi imodzi ndi theka iliyonse. Ndi ntchito yotopetsa, ya kukhala pabenchi mwana ali pamiyendo, dzanja likupita ndi kubwera, ndipo palibe njira yachidule. Chiyeso chimakhala chomusiya mwana waludzuyo agugudize kapu yonse. Akatero m'mimba mumadzaza mwadzidzidzi ndipo zonse zimabwerera.

Akasanza, mayi adikire mphindi 10, kenako ayambirenso mochedwerako, supuni imodzi pa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kusanza kamodzi kapena kawiri si chifukwa cholekera, popeza zimene zatsalira m'mimba nthawi zambiri zimaposa zimene zatuluka, ndipo kusanzako kumachepa madzi akayamba kubwerera m'thupi. Bere lisaleke pa maola anayiwo. Zikope zikayamba kutupa, ndiye kuti Thanzi wakwana. Amaimitsidwa kaye, mwana n'kupatsidwa madzi wamba kapena bere. Maola anayi akatha wachipatala amamuonanso. Zikayenda bwino mwanayo amakhala wakodza, watonthola, ndipo kawirikawiri amagona tulo, koma tulo take n'toti akamugwedeza amadzuka. Chimbudzi chingakhale chikadali chamadzi, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti mankhwala alephera.

Pobwerera kunyumba amatenga mapaketi ena ndi mapiritsi a zinki. Kuyambira mu 2004, WHO ndi UNICEF amalangiza kuti mwana aliyense wotsegula m'mimba azilandira zinki pamodzi ndi Thanzi: mamiligalamu 20 patsiku kwa wa miyezi 6 kapena kuposa, theka lake kwa wocheperapo, kwa masiku 10 mpaka 14. Piritsi limasungunuka pasupuni ndi madzi pang'ono kapena mkaka wa m'mawere. Zinki ndiye amafupikitsa matendawo, amathandiza khoma la matumbo kupola, ndipo amachepetsa mpata wodwalanso m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Makolo ambiri amaleka pa tsiku lachitatu mwana akayamba kuthamanga pabwalo, mapiritsi otsala n'kuiwalika pawindo, pamene chitetezo cha miyezi ikubwerayo chimadalira kumaliza onse. Ana ena zinki amawachititsa nseru. Kumupereka mwana atadya kumathandiza.

Mapiritsi amene anthu amathamangira kugolosale, fulajilu ndi bakitirimu, alibe ntchito pa kutsegula kwamadzimadzi kwa ana ambiri, chifukwa kawirikawiri kumayamba ndi mavairasi amene mankhwalawa sawapha. Mmodzi mwa mavairasiwa ndi rota, amene katemera wake anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012. Mapiritsi a akuluakulu omanga m'mimba ndiye oopsa kwa kamwana: amaimitsa matumbo, mimba imatupa, madzi amapitiriza kutayikira m'kati mosaoneka.

Tsopano malire. Thanzi amagwira ntchito pokhapokha ngati mwana akumwa, ndipo zimene akumwazo zikuposa zimene akutaya. Chimodzi mwa ziwirizi chikasoweka, supuni yagonja.

Mtsikana yemwe uja akanafika tsiku limodzi mochedwa, bwenzi zili zina. Sakuliranso, wangoti lefu, maso akuyang'ana osaona. Akamuikira kapu pakamwa amamwa mofooka kapena osamwa n'komwe. Khungu likatsinidwa limakhala chiimire kupitirira masekondi awiri. Manja ndi mapazi zazizira, akupuma mwamsanga ndi mozama, ndipo sanakodze kuyambira usiku. Chosocheretsa n'chakuti mwana wotere amaoneka ngati wapezako bwino, chifukwa phokoso latha ndipo sakulimbirananso kapu. Kutha kwa ludzu mwa mwana amene maso alowa ndi chizindikiro choipa. Ameneyu akufunika diripi: mamililita 100 pa kilogalamu, kutanthauza lita yathunthu kwa iye, mamililita 300 oyamba m'theka la ola ndipo 700 otsalawo m'maola awiri ndi theka. Zimenezi sizichitikira pakhomo. Mwana amene wakomoka kapena sakutha kumeza asathiridwe madzi m'kamwa, chifukwa angalowe m'mapapo.

Mwana amene akusanza chilichonse, ngakhale supuni imodzi yoperekedwa pang'onopang'ono, nayenso ndi wa kuchipatala. Chimodzimodzi amene chimbudzi chake chikungotsika chambiri, chotuwa ngati madzi otsukira mpunga, makamaka nyengo ya mvula kapena pamene m'deralo mwamveka kolera. Mliri umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira m'maboma onse unapha anthu oposa 1,700, ndipo unaonetsa kuti kolera imatha kuumitsa munthu m'maola ochepa. Thanzi amathandizabe pa kolera, ndipo odwala ambiri amachira ndi iye yekha, koma woganiziridwa matendawa ayenera kumwa ali m'njira yopita kuchipatala, osati akudikira kunyumba.

Pali mitundu ina ya kutsegula imene madzi okha sangaithetse ngakhale mwana akumwa bwino. Magazi m'chimbudzi ndi kamwazi, ndipo apa mankhwala opha mabakiteriya amafunikadi, koma osankhidwa ndi wachipatala. Kutsegula kwa masiku 14 kapena kuposa kumafuna kufufuza chifukwa chake, kuphatikizapo kuyeza HIV ndi kuona kadyedwe. Thupi likatentha mwana ayezedwe malungo, popeza malungo mwa ana amatha kubwera ndi kusanza ndi kutsegula, ndipo Thanzi sapha tizilombo ta malungo. Ndipo mwana amene wamwa bwino masiku atatu koma sakusintha abwerere kukaonedwa.

Gulu lovuta kwambiri ndi la ana onyentchera, owonda kwambiri kapena otupa mapazi onse awiri. Kwa iwo zizindikiro zija zimanama: maso amakhala olowa kale, khungu limabwerera mochedwa ngakhale madzi ali okwanira. Mtima wawo ndi wofooka, thupi lili ndi sodiyamu wochuluka ndi potaziyamu wochepa, choncho mamililita 750 amene apulumutsa mwana wina akhoza kuulemetsa mtima wa ameneyu. M'zipinda za ana onyentchera, monga ya Moyo pachipatala cha Gulupu ku Blantyre, amagwiritsa ntchito madzi ena otchedwa ReSoMal, a sodiyamu wochepa ndi potaziyamu wambiri, operekedwa pang'onopang'ono namwino akuwerenga kugunda kwa mtima ndi kapumidwe. Mwana amene akulandira chiponde kapena amene lamba woyezera mkono anaonetsa kofiira akayamba kutsegula, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimene chimachedwetsa ulendo nthawi zambiri si mtunda wokha, komanso matanthauzo amene anthu amapereka. "Akumera mano," amatero agogo, ndipo n'zoona kuti msinkhu wa mano ndi umenenso ana amatsegula kwambiri, koma chifukwa chake n'chakuti ndi nthawi imene akukwawa, akutola zapansi n'kuika kukamwa, ndipo ayamba kudya zina kuwonjezera pa bere. Kaya mano akumera kapena ayi, madzi otayikawo ndi omwewo. Liwombo likalowa, ena amaliona ngati nthenda payokha yofuna mankhwala opaka pamutu. Kwa mwana amene liwombo lake silinatsekeke, lomwe limatseka cha m'ma chaka ndi theka, kulowa kwake pa nthawi yotsegula m'mimba ndi chizindikiro cha kuchepa kwa madzi, ndipo limabwerera madziwo akabwerera. Zopakazo sizifika kumene kuli vuto.

M'madera akutali, mlangizi wa zaumoyo wa pakiliniki ya m'mudzi amasunga Thanzi ndi zinki za ana osakwana zaka zisanu, ndipo anaphunzitsidwa kuzindikira woyenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu. Akanena kuti pitani, ulendowo usadikire kuti kuche kapena kuti bambo abwere kumunda. Wonyamula mwana atenge botolo la Thanzi wosungunula kale, supuni ndi buku la kusikelo, limene lili ndi kulemera kwa mwana kwa posachedwa komwe wachipatala angawerengere muyezo wa madzi. Ngati mwanayo akutha kumeza, azimwetsedwa pang'onopang'ono njira yonse, pakabaza, paminibasi ngakhale pamzere. Pofika, mwana wolefuka kapena wosatha kumwa sayenera kuima kumbuyo kwa mzere. Womubweretsa auze wachipatala woyamba kumuona kuti mwanayo sakumwa, wayamba liti kutsegula, wakodza komaliza nthawi yanji, ndiponso mankhwala alionse amene wapatsidwa kale kunyumba, a kugolosale ngakhale azitsamba.